Kuchepetsa variyansi powerengera intigiro ndi manambala achisawawa

Tiyerekeze kuti tikufuna intigiro ya e^x kuchokera pa 0 kufika pa 1. Yankho lake ndi lodziwika kale, e − 1, kapena kuti 1.71828, choncho tingathe kuyesa njira iliyonse ndi kuona ngati ikupindulitsa. M'njira ya Monte Carlo, kompyuta imatola manambala U mwachisawawa pakati pa 0 ndi 1, onse ali ndi mwayi wofanana, kenako timapeza avereji ya e^U. Vuto lake ndi lakuti kuphonya kwa yankho kumatsika motsatira σ/√n, pamene n ndi chiwerengero cha manambala otoledwa, kotero kuti wofuna kuchepetsa kuphonyako kakhumi ayenera kuchulukitsa manambala ka 100. Kukweza n kumadya nthawi, ndipo chanzeru ndi kutsitsa σ², yemwe ndi variyansi, muyeso wa momwe zotsatira zimamwazikira. Pachitsanzo chathuchi variyansi ya e^U ndi 0.2420.

Njira yoyamba, ya manambala otsutsana, inafotokozedwa ndi Hammersley ndi Morton mu 1956. Tikatola U, timagwiritsanso ntchito 1 − U, n'kutenga avereji ya e^U ndi e^(1−U). U akakhala wamkulu mnzakeyo amakhala wamng'ono, motero wina akapitirira yankho, winayo amaperewera, ndipo kuphonya kwawo kumafafanizana. Kovariyansi ya awiriwa, muyeso wa momwe amasinthira limodzi, ndi −0.2342, ndiye variyansi ya avereji yawo ndi (0.2420 − 0.2342)/2, pafupifupi 0.0039. Manambala awiri otoledwa paokhapaokha akanapereka 0.1210, kutanthauza kuti pa ntchito yofanana variyansi yatsika pafupifupi ka 31.

Koma tisafulumire kuigwiritsa ntchito paliponse. Phindu ndi lotsimikizika pamene fankishoni ikungokwera kapena ikungotsika. Pa (x − 1/2)², U ndi 1 − U amapereka nambala imodzimodzi, choncho theka la ntchito limapita pachabe.

Njira yachiwiri imadalira chowongolera, chinthu chomwe chimayendera limodzi ndi chimene tikufuna koma avereji yake yeniyeni tikuidziwa kale. Pano U mwiniwake ndi wokwanira, popeza avereji yake ndi 1/2. M'malo mwa e^U timawerengera e^U − c(U − 1/2), pamene c ndi nambala yomwe timasankha tokha. Manambala otoledwa akapendekera kumtunda kwa 1/2, timadziwa kuti e^U nayenso wakwera mopitirira, ndipo gawo lochotseralo limamubweza popanda kusintha avereji yomwe tikuifunafuna. c wabwino koposa amapezeka pogawa kovariyansi ya e^U ndi U, yomwe ndi 0.1409, ndi variyansi ya U, yomwe ndi 1/12, ndipo amatuluka pafupifupi 1.69. Variyansi imatsika kuchoka pa 0.2420 kufika pa 0.0039, pafupifupi ka 61. Pa ntchito zenizeni kovariyansiyo siidziwika pasadakhale, choncho c amayerekezedwa kuchokera ku manambala ochepa oyeserera musanayambe kuwerengera kwenikweni.