Malamulo a malire a kuluza pa tsiku ndi bureka ya thumba lonse

Kwa mamembala onse a gulu lathu la masheya pano pa Dedza boma, makamaka a msungichuma, a mlembi ndi awiri amene tawapatsa udindo wochita malonda. Izi ndi zimene tinagwirizana pa msonkhano wa Loweruka lapitali, ndipo ziyamba kugwira ntchito Lolemba. Manambala onse tawaika tsopano mitu ili yozizira, chifukwa munthu amene wangoluza kumene sangathe kudziikira malire oyenera.

Thumba lathu lero ndi K30,000,000. Muli masheya a pa Malawi Stock Exchange, ndalama zimene tinabwereketsa boma, ndi akaunti ya madola ya $4,000 ya pa MetaTrader 5. Malire a pa tsiku akukhudza akaunti ya madolayo. Bureka, lamulo lochepetsa kapena kuimitsa malonda thumba likatsika kwambiri, ikukhudza zonse.

1. Malire a pa tsiku

Malonda amodzi asaike pangozi ndalama zoposa theka la peresenti imodzi ya akaunti, ndiye kuti $20. Tsiku limodzi lisadye zoposa 2 peresenti, ndiye kuti $80. Sabata isadye zoposa 4 peresenti ya zimene tinali nazo Lolemba m'mawa, ndiye kuti $160.

Timayeza ndi Equity, osati Balance. Apa m'pamene ambiri amadzinamiza. Balance imangowerenga malonda amene atsekedwa, choncho munthu akhoza kukhala ndi malonda otseguka amene amira ndi $150 koma Balance ikuonetsabe $4,000, iye n'kumati sanaluze chifukwa sanatseke. Equity imaphatikiza otsekedwa ndi otseguka omwe. Ndalama ya buloka ndi ya kugoneka malonda usiku nazonso zimalowa m'kuluza kwa tsiku.

M'mawa uliwonse 8 koloko, musanatsegule chilichonse, lembani Equity m'buku ndi kutumiza chithunzi chake kwa a msungichuma. Kenako werengani pansi pa tsikulo:

```
Equity x 0.98
4000 x 0.98 = 3920
```

Equity ikangokhudza $3,920, tsiku latha. Osadikira kuti kandulo itseke, osanena kuti mtengo ubwerera. Nthawi zina umabwereradi, ndipo tavomereza kale kuti phindu la masiku oterowo lizitidutsa.

Malire azigwira ntchito musanatsegule malonda, osati mutaluza kale. Tinene kuti mwaluza kawiri, $40, ndipo muli ndi malonda ena otseguka amene Stop Loss yake, oda yotseka yokha malonda oluza, ikagunda adya $20. Mwa $80 ija mwatsala $20 yokha, ndiye mungatsegule malonda amodzi basi. Akakhala kuti otsegukawo ndi awiri, mpata watha, ngakhale pa sikirini akuoneka kuti akupindula. Loti, ndiye kuti kukula kwa malonda, izichokera pa mtunda wa Stop Loss: pa EURUSD loti ya 0.10 imayenda dola imodzi pa pipu, kamuyeso ka kusuntha kwa mtengo, choncho Stop Loss ya mapipu 20 ndi $20. Mukafuna Stop Loss ya mapipu 40, loti itsike kufika pa 0.05. Kugula EURUSD ndi GBPUSD nthawi imodzi tikuwerenga ngati malonda amodzi, chifukwa onsewo akubetchera kuti dola igwa, ndipo dola ikakwera amamira limodzi. Awiriwo agawane $20 imodzi.

Phindu la m'mawa silikulitsa malire a masana. Mukapeza $80 kapena kuposa, kenako theka lake n'kubwerera, tsekani, mupume.

2. Zochita malire a pa tsiku akakwana

Chitani izi motsatana, mkati mwa mphindi khumi.

Choyamba, tsekani malonda onse otseguka pa mtengo umene ulipo, opindula ndi oluza omwe. Chachiwiri, fufutani maoda onse odikira, a Buy Limit, Sell Stop ndi anzake. Oda yoiwalika imatha kutseguka pakati pa usiku inu muli m'tulo. Chachitatu, zimitsani batani la Algo Trading ngati pali pulogalamu imene ikuchita malonda yokha. Chachinayi, jambulani History ya tsikulo ndi Equity yotsala, mutumize kwa a msungichuma. Iwo asinthe pasiwedi yaikulu nthawi yomweyo, wochita malonda atsale ndi ya Investor, imene imalola kuona koma osati kugula kapena kugulitsa.

Zosintha pasiwedizi ena anaziona ngati kusakhulupirirana. Sichoncho. MetaTrader 5 payokha siletsa munthu kutsegula malonda ena atadutsa malire ake, ndipo mtima wofuna kubweza zimene zapita ndi umene umasandutsa kuluza $80 kukhala $400 madzulo amodzi: munthu amakuza loti kuti abweze msanga, amasuntha Stop Loss, amalowa popanda chizindikiro. Kiyi ikakhala kwa wina, nkhondo imeneyi simenyedwa n'komwe.

Tsikulo musaike ndalama zina mu akaunti, musatsegule akaunti ina, musagwiritse ya mnzanu. Madzulo lembani m'buku malonda aliwonse: nthawi, loti, chifukwa cholowera, ndi yankho la funso limodzi, ngati malamulo anatsatidwa kapena ayi. Ngati anatsatidwa, linali tsiku loipa chabe, ndipo mawa 8 koloko a msungichuma abweza pasiwedi. Ngati lamulo linathyoledwa, wochita malondayo apume masiku asanu a msika ndipo akabwerera ayambe ndi theka la loti kwa sabata yathunthu. Malire a sabata akakwana, akaunti itsekedwe mpaka Lolemba lotsatira.

3. Zimene zimadumpha malire

Stop Loss si lonjezo la mtengo. Msika ukadumpha, oda imatsekera pa mtengo woyamba umene wapezeka. Pa 15 Januwale 2015, banki yaikulu ya ku Switzerland itasiya kutchinjiriza mtengo wa ndalama yawo wa 1.20 pa yuro imodzi, mitengo inadumpha mwakuti anthu ambiri anatsekeredwa kutali ndi pamene anaika, ena mpaka kutsala ndi ngongole kwa buloka. N'chifukwa chake sitigoneka malonda kuchoka Lachisanu kufika Lolemba, ndipo titseke zonse mphindi 15 lipoti la ntchito la ku America lisanatuluke. Kawirikawiri limatuluka Lachisanu loyamba la mwezi, 14:30 nthawi ya kuno kuyambira pakati pa mwezi wa Malichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala, 15:30 miyezi inayo. Kudumpha kukakudyetsani zoposa $80, musabise ndipo musayese kukonza, tsekani, nenani.

Za magetsi ndi netiweki tonse tikuzidziwa. Stop Loss imakhala pa seva ya buloka, choncho imagwira ntchito ngakhale foni yazima, koma Trailing Stop, imene imasuntha Stop Loss yokha motsatira mtengo, imafuna kuti kompyuta yanu ikhale yoyaka ndi yolumikizika. Malonda opanda Stop Loss ndi oletsedwa ngakhale kwa mphindi imodzi. Amene akuchitira malonda ku Bembeke kapena ku Linthipe akhale ndi simu ya netiweki yachiwiri, ndipo akalephera kulowa kwa mphindi zisanu aimbire a msungichuma kuti atseke m'malo mwawo.

4. Bureka ya thumba lonse

Monga bureka ya pa mita ya magetsi, iyi imagwa yokha mphamvu ikapyola, popanda wofunsidwa. Misika ikuluikulu ili ndi yake. Ku America anaikhazikitsa pambuyo pa kugwa kwa pa 19 Okutobala 1987, pamene Dow Jones inatsika ndi 22.6 peresenti tsiku limodzi. Masiku ano S&P 500 ikatsika ndi 7 peresenti msika umaima mphindi 15, pa 13 peresenti chimodzimodzi, pa 20 peresenti umatsekeratu tsikulo. Mu Malichi 2020 gawo loyambalo linagwa kanayi. Yathu ili ndi magawo atatu, ndipo imayezedwa kuchokera pa nsonga, mtengo wapamwamba umene thumba linafikapo.

Lachisanu lililonse a mlembi awerenge thumba lonse. Likatsika ndi 5 peresenti, kufika pa K28,500,000, loti zonse zidulidwe pakati, malire a pa tsiku akhale 1 peresenti, ndipo tisagule masheya atsopano. Likatsika ndi 10 peresenti, kufika pa K27,000,000, akaunti ya madola itsekedwe kwa masabata awiri ndipo komiti ikumane pasanathe masiku atatu. Likatsika ndi 15 peresenti, kufika pa K25,500,000, malonda onse aime mpaka msonkhano wa mamembala onse, ndipo kuti tiyambenso pafunika mavoti a anthu awiri mwa atatu alionse. Taima pa 15 chifukwa cha masamu a kubweza: woluza 10 peresenti amafunika kupindula 11 kuti abwerere pamene anali, woluza 20 amafunika 25, woluza 50 amafunika 100.

Pali zinthu zitatu zimene zingabise kutsika, ndipo a mlembi azisamale. Choyamba ndi zosonkha. Mamembala akagulitsa kachewere n'kuponya K2,000,000 m'thumba, nsonga nayo ikwere ndi K2,000,000, apo ayi ndalama zatsopano zikwirira dzenje. Wina akatapa gawo lake, nsonga itsike chimodzimodzi. Chachiwiri ndi mtengo wa kwacha. Inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo zikatero akaunti ya madola imaoneka yonenepa m'makwacha ngakhale yaluza. Choncho tiziwerengera madola m'makwacha pa mtengo umodzi wa Reserve Bank of Malawi wa tsiku loyamba la miyezi itatu iliyonse, ndipo posintha mtengowo tizikonzanso nsonga. Chachitatu ndi masheya osayenda. Pa msika wa ku Blantyre makampani ena amatha masiku osagulidwa, ndiye mtengo wolembedwa ukhoza kukhala wakale. Tiziwerengera mtengo umene ogula akupereka pamene ulipo.

Pa chifukwa chomwechi, bureka sikulamula kugulitsa masheya. Kuthamangira kugulitsa pamene ogula ndi ochepa n'kudzigwetsera wekha mtengo. Komiti ikakumana ione kampani iliyonse payokha, zotsatira zake ndi gawo la phindu limene ikupereka, ndipo ikaganiza zogulitsa iuze buloka mtengo wotsikitsitsa umene tingalole.

5. Kubwerera ndi kusintha malamulo

Pambuyo pa gawo lachiwiri kapena lachitatu tibwerere ndi theka la loti kwa masiku 20 a msika. Loti yonse ibwerere pokhapokha masiku amenewo atha popanda lamulo lothyoledwa ndipo thumba lakwera kudutsa mzere wa 5 peresenti.

Palibe wololedwa kukulitsa malire aliwonse pa tsiku limene malire akwana kapena pamene bureka ili yogwa, ngakhale a wapampando. Wofuna kusintha nambala alembere a mlembi, nkhaniyo ikambidwe pa msonkhano wa kumapeto kwa mwezi, ndipo zovomerezedwa ziyambe kugwira ntchito patapita masiku asanu ndi awiri. Kuchepetsa malire kokha ndi kumene a msungichuma angachite tsiku lomwelo.