Lipoti la ngozi yomwe ndinachita pa ntchito pa 14 Meyi 2024 ndi pempho la chipukuta misozi

Germiston, Gauteng
27 Meyi 2024

Kwa a Bwana, eni kampani,
ndi kwa akuluakulu oona za chipukuta misozi ku Dipatimenti ya Zantchito

Ine ndine Yohane Chimbalanga, wa zaka 34, kwathu ndi kwa Ganya m'boma la Ntcheu ku Malawi. Ndinayamba ntchito pa kampani yanu yokhoma mapaleti mu Ogasiti 2021. Poyamba ndinkanyamula matabwa, ndipo kuyambira chaka chatha kapitawo anandiika pa makina ochekera. Ndimalandira R1,400 pa sabata, Lachisanu lililonse. Lipotili ndayankhula m'Chichewa kuti ndisaphonye mawu, ndipo wondilembera ndi mlamu wanga chifukwa dzanja lolembera ndi lomwe lavulala. Iye yemweyo walimasulira m'Chingerezi pa pepala lomwe ndaphatikiza.

Lachiwiri pa 14 Meyi ndinafika 7 koloko m'mawa monga mwa masiku onse. Tinali ndi oda ya mapaleti 300 ofunika kunyamuka Lachitatu, ndiye kapitawo anati nkhomaliro tidye mphindi makumi awiri basi. Cha m'ma 2 koloko masana ndinali kucheka matabwa a paini. Thabwa lina linali lonyowa komanso la mfundo pakati. Sowo itafika pa mfundoyo thabwa linakana, kenako linabwerera mwamphamvu n'kundimenya pa mimba, dzanja langa lamanja n'kutsetserekera kutsogolo. Ululu sindinaumve nthawi yomweyo. Ndinangomva ngati wina wandikwapula pa zala, ndipo nditayang'ana ndinaona utuchi wa pa tebulo ukusanduka wofiira. Chala chamkombaphala chinaduka pa mfundo yachiwiri, nsonga ya chala chapakati n'kutsala ikulendewera pa khungu. Amene anathamanga kukathimitsa makina ndi mnzanga wa pa ntchito Sipho, chifukwa batani lofiira la pa makinawo linaguluka kale, timathimitsira ku khoma.

Makinawo analibe chotchinga cha pamwamba pa sowo. Chinathyoka sabata yoyamba ya Epulo, kapitawo anachimasula n'kuchiika pamwamba pa kabati ya zida, ndipo tsiku la ngoziyo chinali pomwepo, chitatuwa ndi fumbi. Ndinawauza kawiri. Ulendo woyamba anati aitanitsa chatsopano, wachiwiri anati popanda chotchinga ntchito ikuyenda msanga. Kamtengo kokankhira matabwa kanasowa, ndipo tinkangotola chidutswa chilichonse pansi. Tsikulo ndinakankha ndi dzanja, izi sindikubisa. Koma chotchinga chikanakhalapo zala zanga sizikanafika pa mano a sowo. Sindinamwe mowa, sindinali pa foni, ndipo palibe amene ankasewera nane.

M'bokosi la chithandizo choyamba munali thonje pang'ono ndi sizasi, bandeji munalibe. Sipho anavula sikipa yake n'kundimanga nayo. Chidutswa cha chala anachitola mnzanga wina Tendai, anachikulunga m'pepala la pulasitiki la buledi. Ndinakhala pa benchi pafupifupi ola lathunthu chifukwa galimoto inali itapita kukatula katundu, ndipo kapitawo anakana kuitana ambulasi, akuti inu munali musanayankhe foni. Tinafika ku chipatala cha boma 4 koloko itadutsa. Dokotala anati chidutswacho sichingalumikizidwe. Anakonza fupa n'kusoka chala chamkombaphala, chapakati anachichotsa nsonga. Ndinagona masiku awiri, ndinatuluka pa 16 Meyi. Andipatsa masabata asanu ndi limodzi osagwira ntchito, ndipo ulusi akachotsa mawa pa 28 Meyi. Usiku chala chomwe kulibecho chimayabwa ndi kuwawa ngati chilipo. Kumanga mabatani a malaya ndi kutema nsima ndikuphunzira ndi dzanja lamanzere ngati mwana.

Lachisanu pa 17 Meyi ndinabwera ndi kalata ya dokotala. Kapitawo ananditengera kuseri kwa shedi, anatulutsa R2,000 ndi pepala la Chingerezi lolembedwa kale. Nditapempha Tendai kuti andiwerengere, linkanena kuti ndinavulala kunyumba ndikukonza chitseko. Ndinakana kusaina ndipo ndalamayo sindinaigwire. Anandiuza kuti mlendo ngati ine ndikapita ku Dipatimenti ya Zantchito ndidzangodziitanira mavuto. Sindikudziwa ngati pepalalo linachokera kwa inu, a Bwana, n'chifukwa chake ndalemba kuti mulidziwe. Tsiku lomwelo ndinaona kuti makina aja avekedwa chotchinga chatsopano. Chinapezeka m'masiku atatu, pamene ife tinachidikira mwezi ndi theka.

Malipiro a sabata imeneyo ndinalandira R420, a Lolemba ndi theka la Lachiwiri. Pa 24 Meyi sindinalandire kalikonse. Lendi ya chipinda changa ndi R1,100 pa mwezi, ndipo kumudzi kuli mkazi ndi ana atatu, woyamba ali Fomu 2, omwe amadalira zomwe ndimatumiza.

Lachinayi lapitali ndinapita ku ofesi ya zantchito kukafunsa. Anandiuza kuti ngozi yanga sinalembedwe, chonsecho lamulo la chipukuta misozi cha ovulala pa ntchito, lotchedwa COIDA, nambala 130 la 1993, limati wolemba ntchito anene za ngozi pasanathe masiku asanu ndi awiri chiimvereni. Lero ndi tsiku la 13. Choncho ndikupempha kuti mudzaze fomu ya W.Cl.2, yomwe wolemba ntchito amanenera za ngozi, n'kuitumiza ku thumba la chipukuta misozi, lomwe pa mafomu lalembedwa kuti Compensation Fund, ndipo mundipatse kope lake pamodzi ndi nambala ya nkhani yanga ikatuluka. A kuchipatala akufuna fomuyo kuti bilu isabwere kwa ine. Fomu yanga ya W.Cl.3 yopemphera chipukuta misozi ndadzaza, ndipo dokotala walemba kale lipoti lake loyamba la W.Cl.4.

Lamulo lomwelo limati wovulala amene sangathe kugwira ntchito alandire magawo 75 pa 100 a malipiro ake, ndipo miyezi itatu yoyamba amalipira ndi wolemba ntchito, n'kudzabwezeredwa ndi thumbalo. Kwa ine imeneyo ndi R1,050 pa sabata. Ndikupempha kuti muyambe kundipatsa kuwerengera tsiku la ngozi, komanso mundibwezere R260 yomwe ndawononga pa ma takisi opita kuchipatala kukatsukitsa bala. Ndalemba masiku ndi mitengo yake kuseri kwa khadi la chipatala.

Kwa a thumba la chipukuta misozi, ndikupempha kuti dokotala akadzalemba lipoti lomaliza la W.Cl.5 muone kulumala kwa zala ziwirizi, poganizira kuti ndi dzanja lamanja ndipo ntchito yanga ndi ya manja. Ndikupemphanso kuti nkhani ya chotchinga ifufuzidwe, pakuti ndamva kuti chipukuta misozi chimawonjezereka ngati ngozi yadza chifukwa cha kusasamala kwa oyang'anira ntchito. Sipho ndi Tendai anaona zonse ndipo avomera kuchitira umboni. Ndikupempha kuti asavutitsidwe chifukwa cha ine.

Ntchito sindinasiye. Dokotala akandilola ndidzabwerera, ngakhale mutayamba mwandiika kowerenga katundu kapena kopaka manambala pa mapaleti mpaka dzanja litazolowera.

Ndaphatikiza kope la pasipoti yanga, mapepala a malipiro a miyezi itatu yapitayi, khadi la chipatala, kalata ya dokotala, ndi zithunzi ziwiri zomwe Tendai anajambula pa foni madzulo a tsiku la ngozi, chimodzi cha makina opanda chotchinga, china cha chotchingacho chili pa kabati. Ndidzafika ku ofesi kwanu Lachisanu pa 31 Meyi, 10 koloko m'mawa, kudzatenga kope la fomu.

Ine wantchito wanu,
Yohane Chimbalanga
(ndadinda ndi chala chachikulu chakumanzere)