Ndondomeko ya masabata 12 okonzekera mpikisano wa zoni: timu ya zothamanga

Kwa anyamata ndi atsikana onse a timu, komanso aphunzitsi otithandiza,

Tizikumana pagalaundi Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, 3:30 masana. Tsiku lililonse tiziyamba ndi mphindi 15 zotenthetsa thupi. Kukachita ziphaliwali, palibe wotuluka. Tidzagwira ntchito muholo.

Sabata 1 mpaka 4 ndi yomanga mpweya ndi mphamvu. Aliyense, ngakhale woponya nthungo, azithamanga pang'onopang'ono, liwiro loti angathe kucheza ndi mnzake. Tiyamba ndi mphindi 15, pofika sabata 3 zikhale 25. Kenako mapushapu, masikwati ndi zolimbitsa mimba ndi msana. A mamita 100 ndikudziwa mudandaula kuti mukuchedwetsedwa. Pirirani. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, koma misempha ndi mafupa zimatenga nthawi, ndipo wothamangira liwiro mu sabata 2 ndi amene amadzatsimphina ndi miyendo yotupa mu sabata 6.

Sabata 4 ntchito idzachepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Chimodzimodzi sabata 8. Si ulesi ayi. Kuthamanga kumatopetsa minofu, ndipo imakhwima pamene ikupuma. Ndiye musakathamange mobisa kunyumba poganiza kuti aphunzitsi afewa.

Kuyambira sabata 5 tidzagawana. A mitunda yaifupi, Lolemba adzakwera chitunda cha kuseri kwa sukulu: mamita 60 maulendo 6, potsika akuyenda, Lachisanu mamita 150 maulendo 5, kupuma mphindi 4 pakati. A mamita 800 mpaka 3000, Lachitatu mamita 400 maulendo 6, kufika 8 mu sabata 7, kupuma masekondi 90. Olumpha adzayeza mapazi awo othamangira, oponya adzaphunzira kaimidwe asanayambe kulimbana ndi mtunda. Lachisanu la sabata 8 tidzatenga nthawi ya aliyense, ndipo timu ya zoni idzasankhidwa pamenepo.

Sabata 9 mpaka 11 maulendo adzachepa, liwiro lidzakwera, kupuma kudzatalika. A mitunda yaifupi: kunyamuka poyambira, mamita 30 ndi 60 ndi mphamvu zonse. A mitunda yaitali: mamita 300 maulendo 4 pa liwiro la mpikisano. Opatsirana kamtengo aziyeserera kawiri pa sabata, anthu ake omwewo, mndandanda wake womwewo; malo opatsirana ndi mamita 30 okha. A Fomu 2 ndi Fomu 4 amene mayeso oyeserera awagwera nthawi imeneyi azibwera kawiri kokha pa sabata.

Sabata 12 ntchito idzatsika ndi theka, koma liwiro lisatsike. Lachitatu ndiye lomaliza, Lachinayi ndi Lachisanu kupuma, Loweruka mpikisano. Nsapato zatsopano musaziyambe tsiku limenelo.

Bwerani mutadya masana, mutatenga botolo la madzi. Wodwala malungo asabwerere pagalaundi mpaka atamaliza mankhwala ndi kupeza mphamvu, ndipo adzayambira pa ntchito yopepuka. Makalata a chilolezo cha makolo andipeze Lachisanu lino.

Mphunzitsi wa zamasewero