Yankho langa pa ntchito ya ulangizi wa alimi a mpunga ku Bua

Kwa: Bambo Phiri, mkulu woona za antchito
Kuchokera kwa: Chisomo Mwale, Lifuwu, Salima
Tsiku: Lachitatu, 17 Disembala 2025

Bambo Phiri,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse kuofesi kwanu ku Nkhotakota. Ife kuno ku Lifuwu tili bwino, mvula yayamba ndipo anthu ali kalikiliki m'manazale.

Kalata yanu ya pa 9 Disembala, yondiuza kuti mwandisankha kukhala mlangizi wamkulu wa alimi a mpunga kusikimu ya Bua, ndinailandira. Munati ndiyankhe pofika Lachisanu pa 19, koma ndati ndisadikire tsikulo poti alipo anzanga amene tinayesedwa limodzi omwe akuyembekezanso kumva. Pepani kwambiri bambo, ntchitoyi sinditha kuilandira, ndipo pa 5 Januwale sindidzafika kudzayamba monga kalata ikunenera.

Ndisanafotokoze chifukwa, ndithokoze kaye. Sindinaiwale mmene munandilandirira pa 20 Novembala, inu ndi Mayi Kamanga ndi abambo aja oimira komiti ya alimi. Mafunso atatha simunangonditsanzika pakhomo, munanditenga kukaona ngalande ndi minda. Munthu wofunsira ntchito sachitiridwa zotere kawirikawiri. Ndinenenso poyera kuti malipiro amene mwalemba ndi abwino, aposa amene ndikulandira pano, ndipo nyumba ndi njinga yamoto ndinaziona m'kalatamo. Musaganize kuti ndikukana kuti mundiwonjezere kanthu, kapena kuti pali ena amene andikopa. Ayi ndithu.

Nkhani yake ndi iyi. Pamene ndinkatumiza kalata yofunsira ntchito mwezi wa Seputembala, mgwirizano wanga ndi gulu la alimi limene ndikugwira nalo unali woti utha mu Disembala. Patangopita sabata chibwerere kwanu kuja, gululi linapeza ngongole ya mbewu ndi feteleza imene lakhala likuifunafuna. Obwereketsa anati apereka pokhapokha patakhala mlangizi woyang'anira minda ndi mabuku kuyambira panazale mpaka mpunga utagulitsidwa. Alimi anaitanitsa msonkhano nandifunsa pamaso pa amfumu ngati ndikhala nawo mpaka kukolola, ndipo ine ndinavomera. Nthawi imeneyo n'kuti ndisanamve chilichonse kuchokera kwa inu. Pano mbewu yafesedwa kale, kuwokera ndi mu Januwale momwemu, kukolola ndi cha mu Meyi ndi Juni, ndipo ngongole iyenera kubwezedwa pofika kumapeto kwa Julayi. Ambiri mwa amene anasayina ndi amayi, ena sanatengepo ngongole chibadwire, ndipo analimba mtima chifukwa ndinawauza kuti tikhala limodzi. Ndikachoka pa 5 Januwale ndiye kuti ndawasiya sabata yeniyeni yozula mbande.

Ndinalingalirapo zokupemphani kuti ndiziyendera mbali zonse ziwiri, masiku ena kuno ena ku Bua. Koma inu mukuudziwa mtunda wake: kuchoka ku Lifuwu mpaka ku Kamuzu Road, kenaka M5 kudutsa Khombedza, Benga, Chia, boma la Nkhotakota, n'kukafika ku Bua, ndiye nthawi ya dzinja. Tsiku lingamathere pamsewu, ndipo alimi a mbali zonse angamandione ngati mlendo. Akulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ntchito imene munandifotokozera ikufuna munthu wogona komweko, woti alimi akakangana pa madzi m'bandakucha amugogodere pakhomo. Palinso kankhani ka pabanja, kakuti mwana wanga ali mu Sitandade 8 ndipo kumusamutsa sukulu mayeso a MANEB ali pafupi sikungamuchitire ubwino, koma chimenechi pachokha sichikanandiletsa.

Sindikupempha kuti mundisungire malowa. Dzinja silidikira munthu, ndipo alimi a ku Bua akufunika mlangizi chaka chino. Chonde apatseni amene anabwera pambuyo panga.

Pempho langa ndi lakuti dzina langa musalifufute. Mapepala anga, kuphatikizapo dipuloma ya ku Natural Resources College ndi makalata a umboni, akhale m'faelo mwanu ngati malamulo a bungwe lanu amalola. Kuyambira pa 1 Ogasiti 2026 ndidzakhala womasuka, ndipo ndawauza kale atsogoleri a gulu lathu kuti sindidzawonjezeranso mgwirizano ndisanamve za kwanu. Mayi Kamanga anatchulapo kuti mukuganiza zofikira alimi ena a kumpoto kwa boma, cha ku Dwangwa, ndiponso zolimbikitsa mpunga wa m'chilimwe. Zimenezi zikadzatheka ndidzafunsiranso, ndipo sindidzaona chachilendo kuyesedwanso mafunso ngati wina aliyense. Ngakhale udindo utadzakhala wocheperapo kuyerekeza ndi uwu, mudzandidziwitsebe.

Ku Nkhotakota ndimakufuna ndi mtima wonse, osati chifukwa cha malipiro okha. Zimene ndinaona ku Bua zakhala zikundizungulira m'mutu. Abambo a komiti aja anadandaula kuti Kilombero wawo akutsika mtengo chifukwa ogula akuti ndi wosakanikirana. Vuto limeneli tinali nalonso kuno, ndipo gwero lake silinali kumsika koma kumbewu. Mlimi akamangopatula mbewu pamulu womwewo wogulitsa chaka ndi chaka, Faya ndi mitundu ina imalowerera pang'onopang'ono, mpunga sukhwimira limodzi, ndipo kumchini umasweka. Ife tinasankha alimi ochepa osamala kuti azilima munda wa mbewu paokha, n'kumazula phesi lililonse looneka lachilendo ngala zikangotuluka. China ndi kuyanika. Mpunga wosiyidwa padzuwa lamphamvu tsiku lonse umang'aluka mkati, pomwe wosauma bwino umachita nkhungu m'thumba. Chinyezi chake chizikhala cha pa 14 peresenti polowa m'nkhokwe, ndipo kamakina koyezera chinyezi kamodzi kokha kangathandize sikimu yonse.

Za njira yowokera mbande imodzi paphando, yanthete ya masiku osapitirira 15, motalikana masentimita 25, ndinanena kale pa mafunso paja kuti ndimaikhulupirira. Komabe ndisabise, njirayi imayenda pamene mlimi angathe kulowetsa ndi kutulutsa madzi mmene wafunira, ndiponso imachulutsa ntchito yopalira. Kumunsi kwa sikimu kumene munandionetsa kuja, kumene ngalande zadzaza mchenga, ndikanayamba ndakonza za madzi ndisanauze aliyense kuti asinthe kawokeredwe. Awa ndi maganizo chabe a munthu amene anaona malowo mongodutsa. Amene mumulembeyo adzaona zambiri kuposa ine.

Ngati zingakuthandizeni, ndili ndi timapepala ta Chichewa timene ndimaphunzitsira alimi za kusankha mbewu ndi kalembedwe ka mabuku a gulu. Ndapempha chilolezo kwa atsogoleri athu ndipo avomera kuti ndikutumizireni. Komanso mlangizi watsopanoyo akafuna kubwera ndi alimi angapo kudzaona minda yathu ya mbewu, nthawi yabwino ndi mu Epulo ngala zitatuluka. Adzangondiuziratu kuti tidzawakonzere nsima ndi chambo cha ku Senga Bay.

Kontirakiti imene munatumiza sindinasayine. Mundiuze ngati pali fomu ina yoti ndilembe kuti nkhaniyi itsekedwe bwino kumbali yanu. Ndikupemphaninso kuti mundiperekere kupepesa ndi kuthokoza kwanga kwa Mayi Kamanga ndi akomiti. Ndikanakonda kuwaimbira ndekha Mayi Kamanga mawa m'mawa, ngati inu simukuonapo vuto, kuti asangomva kudzera m'kalata.

Ndikufunirani Khirisimasi yabwino ndi dzinja la zokolola zambiri.

Ine wanu,

Chisomo Mwale
Mlangizi wa alimi a mpunga
Lifuwu, Salima