Kasungunulidwe ka Thanzi ORS: Pulogalamu ya pa Wailesi Yochokera ku Kanema wa Zaumoyo

Kwa woulutsa ndi wojambula mawu: Zolembazi zachokera ku kanema amene anajambulidwa ku Ndirande, mmene namwino ankaonetsa zonse ndi manja. Mawu akuti “chonchi”, “apa” ndi “monga mukuonera” tawachotsa onse, chifukwa kwa mayi amene akumvera ali pambaula mawu amenewa sanena kanthu, ndipo m'malo mwake tatchula chinthucho, kukula kwake ndi chimene dzanja likuchita. Tchati cha miyezo tachisandutsa ziganizo, ndipo muyezo wa madzi unenedwe kawiri popeza womvera sangabwerere m'mbuyo kukaonanso. Phokoso lililonse litchulidwe lisanamveke, kuti asalisokoneze ndi kulira kwa wailesi.

WOULUTSA: Okondedwa omvera, mvula yayamba muno mu Blantyre, ndipo ambirife tikukumbukira mliri wa kolera umene unayamba mu 2022, komanso mmene namondwe wa Freddy anaonongera mipope ndi zimbudzi ku Chilobwe ndi kuphiri la Soche mu Malichi 2023. Lero ndakhala moyang'anizana ndi mayi namwino, ndipo patebulo pakati pathu pali jagi yotsukidwa bwino, supuni, mabotolo awiri a madzi ndi paketi imodzi ya Thanzi ORS. Mayi, takulandirani.

NAMWINO: Zikomo bambo. Ndisanagwire chilichonse ndikusamba m'manja ndi sopo pamadzi othira, osati oviika m'beseni limodzi ndi ena.

(Madzi akugwera m'beseni.)

NAMWINO: Paketi ili m'dzanja langa ndi yaing'ono, yokwana pachikhatho, ndipo mkati mwake muli ufa woyera. Paketi imodzi imafuna lita imodzi ya madzi, ndibwerezenso, paketi imodzi, lita imodzi. Amene alibe choyezera atenge botolo la madzi ogula la mamililita 500, alitsuke, alidzaze kawiri. Madziwo akhale owiritsidwa n'kuzizira, kapena othiridwa kolorini ndi kudikirira mphindi 30. Tsopano mumva ndikuthira botolo loyamba, kenako lachiwiri.

(Madzi akuthiridwa m'jagi, kawiri.)

WOULUTSA: Mayi ang'amba paketi kumwamba kwake ndipo akukhuthulira ufa wonse m'jagi. Kodi mayi, munthu angasiyeko theka kuti adzagwiritse ntchito mawa?

NAMWINO: Ayi bambo, ndipo ndikupempha makolo amvetsetse, chifukwa ambiri amalakwitsa pofuna kusunga. Ufa ukachepa, madziwo sabwezera mokwanira mchere umene thupi lataya, ndipo madzi akachepa, mchere umachuluka n'kumuvulaza mwana. Musawonjezeremo shuga kapena chakumwa chotsekemera. Chimene mumve tsopano ndi supuni imene ndikutakasira.

(Supuni ikugunda m'mbali mwa jagi.)

NAMWINO: Takasani mpaka pansi pa jagi pasakhalenso timibulu tokhukhuluza supuni. Mukalawa, mchere wake usapose wa misozi. Vundikirani, ndipo zotsala zikatha maola 24, mwachitsanzo kuyambira m'mawa uno mpaka mawa m'mawa, muzitaye n'kusungunula zina.

WOULUTSA: Nanga mwana amwe zochuluka bwanji?

NAMWINO: Tiyeze ndi kapu ya tiyi. Mwana wosakwana zaka 2 amwe kota mpaka theka la kapu nthawi iliyonse akatsegula m'mimba, ndipo muzimumwetsa ndi supuni pang'onopang'ono. Wa zaka 2 mpaka 10 amwe theka la kapu mpaka kapu yodzaza, pamene wamkulu amwe mmene angathere. Akasanza, dikirani mphindi 10 n'kuyambiranso mosafulumira, ndipo woyamwa apitirize kuyamwa.

WOULUTSA: Kodi kholo lingadziwe bwanji kuti madzi atha m'thupi mwa mwana?

NAMWINO: Amene muli ndi mwana pafupi, chitani nane limodzi. Ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, tsinani mofatsa khungu la pamimba pake, pakati pa mchombo ndi m'mbali, mulikoke pang'ono n'kulisiya. Kwa mwana wabwinobwino limabwerera nthawi yomweyo, koma likatsala litaima n'kumabwerera mochedwa, madzi achepa. Yang'ananinso ngati maso alowa mkati, ngati liwombo la khanda lalowa mkati, ngati wafooka mpaka kulephera kumwa, kapena ngati chimbudzi chake chikufanana ndi madzi otsukira mpunga. Mukaona chimodzi mwa zimenezi musadikire kuti kuche; nyamukani kupita kuchipatala chapafupi, kaya ku Ndirande, Zingwangwa, Chilomoni, Bangwe kapena Limbe, ndipo jagi ija muithire m'botolo kuti muzimumwetsa m'njira.

WOULUTSA: Zikomo mayi namwino. Omvera, pambuyo pa nyimbo mayi ayankha mafunso anu, ndipo loyamba likukhudza mapiritsi a zinki amene ana amapatsidwa limodzi ndi Thanzi ORS.

(Nyimbo.)