Dongosolo la Chisamaliro cha Namwino kwa Wodwala Chibayo

Ntchito ya wophunzira unamwino wa chaka chachiwiri, wodi ya abambo, chipatala cha boma cha Mangochi. Dzina la wodwala labisidwa.

1. Kufufuza

Bambo M. ali ndi zaka 47, ndi msodzi wa ku Makawa, ndipo akuwadikirira ndi akazi awo. Agonekedwa Lolemba 8 koloko m'mawa, mwezi wa Juni, atatumizidwa kuchokera kuchipatala chaching'ono.

Zomwe anena okha: akhala akutsokomola masiku anayi, makhololo ndi okhuthala, amtundu wa dzimbiri. Thupi likutentha, akunjenjemera, ndipo m'nthiti za kumanja mukubaya akamakoka mpweya. Mawu awo: "Ndikapuma kwambiri zikukhala ngati wina wandilasa." Ululu aupatsa 7 pa 10. Chakudya sichikulowa, dzulo anangomwa makapu awiri a madzi. Amasuta chingambwe ndiponso amawamba nsomba pa utsi wa nkhuni. Sanachite thukuta la usiku kapena kuonda m'miyezi yapitayi, ndipo palibe mankhwala amene amawawenga.

Zomwe tayeza: kutentha kwa thupi madigiri 39.2; kupuma ka 32 pa mphindi, kowerengedwa mphindi yathunthu; kugunda kwa mtima ka 118; bipi 104/66; okosijeni m'magazi 88 peresenti asanaikidwe pa makina; sikelo makilogalamu 58. Akuyankhula modukizadukiza koma mutu ukugwira. Milomo ndi youma, mkodzo ndi wochepa komanso wofiirira. Kumunsi kwa phapo la kumanja kukumveka kuthetheka, ndipo pogogoda pakumveka mogontha. Pachifuwa pali mphini zatsopano zisanu ndi imodzi, zosatupa.

Malungo sanapezeke, HIV sinapezeke. Ekisileyi yaonetsa kuyera kumunsi kwa phapo la kumanja. Makhololo atumizidwa kulabotale kukayezedwa TB.

Pa mlingo wa CRB-65, woyezera kuopsa kwa chibayo, apeza 1 yokha, chifukwa cha kupuma kopitirira ka 30. Nambala imeneyi isatipusitse: mlingowu suwerengera okosijeni, ndipo munthu wa 88 peresenti si wobwerera kunyumba.

Adokotala alemba: mankhwala opha tizilombo a seftiriyakisoni magalamu 2 pamtsempha kamodzi patsiku, panado galamu 1 maola 6 alionse, okosijeni, ndi diripi ya madzi amchere lita imodzi pa maola 8.

2. Mavuto a wodwala, kuyambira loopsa

Loyamba, okosijeni sakulowa mokwanira m'magazi chifukwa timatumba ta m'mapapo tadzaza madzi ndi mafinya. Umboni ndi 88 peresenti ndi kupuma ka 32. Lachiwiri, njira ya mpweya siikuyera chifukwa makhololo ndi okhuthala ndipo akuopa kutsokomola. Lachitatu, ululu wobwera ndi kutupa kwa kachikopa kokuta mapapo. Lachinayi, kutentha thupi ndi kuchepa kwa madzi. Lachisanu, banja silikudziwa chomwe chimayambitsa chibayo. Akuti ndi mwera umene unawamenya panyanja.

3. Zolinga

Pofika ola limodzi okosijeni afike 94 peresenti kapena kuposa. Pa maola 24 kupuma kutsike pansi pa ka 24, ululu ufike 3 pa 10, mkodzo usachepere mamililita 29 pa ola (theka la mililita pa kilogalamu iliyonse). Pa maola 48 kutentha kutsike pansi pa madigiri 37.5. Asanatuluke, iwo ndi akazi awo athe kufotokoza okha kamwedwe ka mankhwala ndi zizindikiro zoopsa.

4. Zochita ndi zifukwa zake

Kupuma ndiye koyamba, zina zonse zidikire. Bedi likwezedwe kumutu madigiri 45. Ngati silikwera, mapilo kapena bulangete lopinda zigwira ntchito yomweyo. Akakhala chotere, za m'mimba sizikankha mapapo. Akafuna kugona chammbali, agonere kumanzere, phapo labwino likhale pansi, popeza magazi ambiri amapita kumbali imene ili pansi.

Okosijeni ayambe pa malita 2 pa mphindi kudzera m'timachubu ta m'mphuno, ndipo tiyezenso pakatha mphindi 15. Ngati sanakwere, tiwonjezere mpaka malita 4. Tisanathamangire kuwonjezera, tione chubu ngati sichinapindike, timachubu ngati sitinatsekeke ndi mamina, ndi chala ngati sichikuzizira, chifukwa kachipangizo ka pachala koyezera okosijeni kamanama chala chikazizira. Makina opanga okosijeni amadalira magetsi, choncho silinda yodzaza ndi sipanala yake zikhale pafupi kusanade. Machesi ndi fodya zisayandikire bedi limeneli.

Kupuma, mtima, bipi ndi okosijeni ziyezedwe ola lililonse kwa maola anayi oyamba, kenako maola anayi alionse. Kupuma kosawerenga, kongolemba 20 m'fayilo, n'koopsa kuposa kusalemba konse, pakuti kupuma ndiko kumayamba kusintha wodwala akamaipiraipira. Adokotala aitanidwe nthawi yomweyo ngati okosijeni watsika pansi pa 90 ali pa makina, nambala ya pamwamba ya bipi yatsika pansi pa 90, kapena wodwala wayamba kubwebweta.

Seftiriyakisoni woyamba asadikire zotsatira za makhololo. Aperekedwe pang'onopang'ono kwa mphindi 30, ndipo asadutse mu chubu chimodzi ndi diripi ya Ringa, chifukwa kashiyamu wa m'diripi imeneyo amaundana ndi mankhwalawa. Pa kanula, kachubu kolowa mumtsempha, tizionapo tsiku lililonse ngati patupa kapena pafiira.

Ululu ndi makhololo ndi vuto limodzi. Munthu amene nthiti zikumubaya satsokomola, ndipo makhololo akakhalira, phapo limafota. N'chifukwa chake masewera opumira ayambe pakatha mphindi 30 atamwa panado: akhale tsonga, akumbatire pilo kumbali yopwetekayo, akoke mpweya mozama kasanu, kenako atsokomole kawiri. Achite zimenezi maola awiri alionse masana. Panado asapitirire magalamu 4 patsiku, ndipo tifunse ngati achibale sanabweretse wina wogula pagolosale. Makhololo alavulire m'kachitini kovindikira. Tilembe mtundu ndi kuchuluka kwake.

Diripi ya lita imodzi pa maola 8, pa chubu cha madontho 20 pa mililita, ndi madontho 42 pa mphindi. Pakamwa amwe pang'onopang'ono mpaka malita 2 patsiku: madzi, thobwa, tiyi, phala la madzimadzi. Zolowa ndi zotuluka zilembedwe. Mabulangete achepetsedwe, ndipo apukutidwe ndi madzi ofunda, osati ozizira, amene amangowonjezera kunjenjemera.

Mphini zitsukidwe ndi kusiyidwa zouma. Banja lisadzudzulidwe pa zimenezi, kuopa kuti mawa angabise zina zomwe apereka. Maphunziro aperekedwe pa Chichewa, ndipo pamene akazi awo akuvutika kumva, namwino wodziwa Chiyao athandize: chibayo chimayamba ndi tizilombo, ndipo fodya ndi utsi wa nkhuni zimafooketsa mapapo kuti tizilomboto tilowe mosavuta.

5. Kuunika

Patatha ola limodzi, okosijeni anali 92 pa malita 2. Cholinga sichinakwaniritsidwe, tinakweza kufika malita 4 ndipo anafika 95.

Lachiwiri m'mawa: kupuma ka 26, ululu 4 pa 10, mkodzo mamililita 1,100 pa maola 24. Cholinga cha mkodzo chatheka, cha kupuma ndi cha ululu zatheka pang'ono chabe. Chifukwa chinapezeka: usiku ankatsetsereka pamapilo n'kugona chagada. Dongosolo lasinthidwa, pansi pa mawondo paikidwa pilo, ndipo mayi aphunzitsidwa kuwadzutsa n'kuwakhazikanso bwino.

Lachitatu: kutentha 37.3, kupuma ka 22, TB sinapezeke m'makhololo. Okosijeni wachepetsedwa lita imodzi imodzi. Lachinayi anakhala maola 6 osavala timachubu ali pa 95, ndipo atayenda mpaka pakhomo la wodi sanatsike pansi pa 93.

Atuluka Lachisanu ndi amokisisilini wakumwa monga adokotala alembera m'buku lawo la kuchipatala. Onse awiri abwereza molondola kuti mankhwala amalizidwe ngakhale apeze bwino, ndi kuti abwerere msanga akayamba kubanika, kutsokomola magazi kapena kutenthanso thupi. Za fodya avomera kuchepetsa koma osati kusiya, choncho cholinga chimenechi chalembedwa m'buku kuti chikakambidwenso akadzabwera kudzaonedwa pakatha milungu iwiri. Kupita panyanja usiku adikire mpaka tsiku limenelo.