Kanema wa chambo cha msuzi: zojambula ndi zolankhula

Malo: khonde la kuseri, kwathu ku Mangochi. Tiyambe 7 koloko m'mawa, dzuwa lisanawawe. Kanema yense asapitirire mphindi 2. Achimwene agwira foni, ine ndiphika. Nyimbo ayi, anthu amve poto.

0:00
Chambo chachikulu chimodzi m'beseni. Foni iyandikire diso lake, lowala, ndi makha ofiira. Phokoso: mpeni ukupala mamba, khwe khwe khwe.
Ine: "Chambo cha lero ichi, chavuuka m'nyanja mbandakucha. Diso likachita mtambo, musagule."

0:15
Chatumbulidwa kale. Ndikudula patatu: mutu, pakati, mchira. Mchere supuni yaing'ono imodzi, ndimu theka.
Ine: "Pakani paliponse, chikhale mphindi 10."
Pa sikirini: Dikirani mphindi 10.

0:30
Mbaula, makala atayaka psuu, opanda utsi. Mafuta theka la kapu m'chiwaya. Ndiponyamo kachidutswa ka anyezi. Kakalira, mafuta apsa.
Apa achimwene musapume n'komwe. Nsomba ikugwera m'mafuta, tswaa! Masekondi 6 opanda mawu, chifukwa phokoso limeneli ndi limene limaimitsa chala cha munthu pa foni. Tsiku lija ndinalankhulira pomwepo, kanema anazizira. Tambala akalira kapena kabaza akaimba belu kumsewu, zisiyeni, ndi kwathu kuno.
Kenako ine: "Mphindi 5 mbali ino, 5 mbali inayo. Osachigwiragwira. Mukafulumira kutembenuza, khungu litsalira m'chiwaya."
Foni itsike, ionetse m'mphepete mwa nsomba mukufiira.

1:00
Nsomba pambale. M'poto ndithira masupuni 3 a mafuta omwewo, anyezi mmodzi woduladula.
Ine: "Mphindi 2 zokha, angofewa, asapserere."
Tomato 4 wakupsa bwino, kambuzi mmodzi wosadula. Phokoso lisintha apa, kuchoka pa tswaa kufika pa kubwata. Musadule kanema pamenepo.
Ine: "Mphindi 6, mpaka mafuta ayandame pamwamba."

1:25
Nsomba ibwerere m'poto, mutu pansi. Madzi theka la kapu, ndithirira m'mbali. Chivundikiro, gwa.
Ine: "Chepetsani makala. Mphindi 10. Chipande chisalowemo, ingogwedezani poto."
Ndigwira poto ndi kansalu, ndigwedeza kawiri. Mfundo imeneyi ndiibwereza ngakhale nthawi ithine, poti ambiri amavundula ngati nyemba, nsomba n'kusanduka phala la minga.

1:45
Kuvundukula. Nthunzi iphimba galasi la foni, ndiye achimwene muimirire chammbali. Nsima ikhale itaomoledwa kale, mitanda iwiri, ndi chisoso pambali.
Amayi akhala pamkeka, asamba m'manja. Atema nsima, aviika mu msuzi. Mawu sindiwalembera, anene zimene pakamwa pawauza.
Ine: "Amayi, mutu ndi wanu."
Foni ikhale pa dzanja lawo masekondi 4, kenako zimitsani.